Uthenga ukayamba kutalika, imbani foni

Mauthenga ambiri amene amadanitsa abale pa WhatsApp sakhala achipongwe ayi. Amangokhala aatali, olembedwa usiku ndi munthu amene ali ndi nkhani zinayi m'mutu ndipo akufuna kuzitula zonse nthawi imodzi. Wolandira amawerenga ali m'minibasi kapena ali pa mzere wa kuchigayo, nkuyankha funso lomaliza lokha poti ndi limene lili pafupi ndi chala, enawo nkutsala osayankhidwa. Wolemba uja akaona timizere tiwiri tabuluu ndi yankho la mawu atatu, amati wanyozedwa.

Ena amati uthenga watalika pamene WhatsApp yaudula nkuika mawu akuti "Read more" m'munsi mwake. Chizindikiro chimenecho nchabwino, koma sichokwanira. Mndandanda wa zogula za chinkhoswe ukhoza kudzaza foni yonse ndipo palibe cholakwika, chifukwa wolandira sakufunika kuganiza kanthu, akungofunika kuusunga. Muyeso umene ine ndimaukhulupirira ndi wina: musanatumize, werengani kuti mawu akuti "ngati" mwawalemba kangati. Akakhala amodzi palibe vuto. Akafika awiri kapena atatu, ndiye kuti mwayamba kudziyankha nokha m'malo mwa mnzanuyo, mukuyerekeza zimene anganene nkumayankhiratu chilichonse. Nkhani yotere ndi yokambirana, ndipo kukambirana kumafuna pakamwa.

Tiyerekeze mayi wina amene akugwira ntchito ku Joni ndipo akumangitsa nyumba ya amayi ake ku Dedza. Mlongo wake ndiye akuyang'anira ntchito kumudziko. Ndalama ya malata 40 a geji 28 yatumizidwa kale. Mmisiri atamaliza kukhoma mitengo ya denga wapeza kuti malata 40 sakwana, pakufunika 46 chifukwa khonde analikuza. Ndalama imene ilipo ingagule malata 46 pokhapokha atatenga a geji 30, amene ndi opyapyala kuposa a 28, poti pa malata nambala ikamakwera chitsulo chimapepuka. Mwezi ndi wa Novembala, mitambo yayamba kusonkhana, ndipo mmisiri wanena kuti Lolemba akupita kukagwira ntchito ina.

Mlongo uja akhala pansi nkuyamba kulemba. Afotokoza za khonde ndi amene analamula kuti likule. Kenaka: ngati mungawonjezere ndalama tigula a 28, ngati simungathe titenga a 30, koma ngati mukufuna a 28 basi tikhoza kufolera nyumba yokha khonde lidikire, kungoti mmisiri adzafuna ya ulendo wachiwiri. Pomaliza awonjezera kuti naye wakhala akusiya kumunda kwake chifukwa cha nyumbayi. Taonani zimene zalowa mu uthenga umodzi: zosankha zitatu, kudziteteza pa nkhani ya khonde, ndi kadandaulo kobisika kumapeto. Mchemwali wake akauwerenga pa nthawi yopuma kuntchito, chimene chidzamulowe mumtima ndi chakuti ndalama yachepanso ndipo akumudandaula. Yankho lake lidzakhala lakuti "Ndalama ija yapita kuti?" ndipo za geji sizidzamvekanso mpaka Lolemba litadutsa.

Chofunika apa ndi kuufufuta uthengawo, koma osataya zimene zili m'kati mwake. Azilembe pa pepala mwachidule: malata ofunika 46, ndalama ilipo ya malata 40, mtengo wa limodzi la 28 ndi la 30 monga wafunsira kusitolo tsiku lomwelo, tsiku limene mmisiri akuchoka. Kenaka atumize kauthenga kopempha nthawi:

"Achemwali, mwaswera bwanji? Kuno tonse tili bwino, amayinso ali bwino. Pali nkhani ya malata yofunika tigwirizane lisanafike Loweruka. Ndikuimbireni 7 koloko madzulo ano?"

Mawu akuti amayi ali bwino asasiyidwe. Munthu amene ali kutali akangolandira uthenga wakuti "ndiimbireni mwachangu" kuchokera kumudzi, maganizo ake amathamangira ku matenda ndi maliro, ndipo ntchito ya tsiku limenelo imamuwonongekera. Kutchula mutu wa nkhani kumathandizanso kuti aone za m'thumba mwake foni isanalire. Za nthawi, Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi South Africa wotchi ndi imodzi. Koma m'bale wa ku Britain amakhala m'mbuyo ndi ola limodzi kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, ndipo miyezi inayo amakhala m'mbuyo ndi maola awiri, choncho 7 koloko yanu ikhoza kumupeza akadali pantchito.

Foni ikalumikizana, moni ndi wofunika, koma asadye mphindi zonse. Mlongo ayambe ndi chimene chikufunika kusankhidwa, mbiri ya khonde ibwere pambuyo ngati yafunsidwa. "Achemwali, malata aperewera 6. Njira zilipo zitatu, ndikuuzeni?" Apa ndi pamene foni imaposa uthenga. Mwina asanamalize nkomwe, winayo adula: "Achimwene, za geji 30 zisiyeni, kwathu kuja mphepo mukuidziwa. Asanu ndi limodziwo ndi ndalama zingati?" Zosankha ziwiri zagwa pomwepo, ndipo ndime zimene zikanalembedwa pofotokoza njira zimenezo sizikufunikanso. Funso lakuti ndalama yapita kuti likabwera, limabwera ndi mawu a munthu, ndipo mlongo amatha kumva ngati ndi kukayikira kapena kungodabwa. Pa uthenga wolembedwa zonsezi zimaoneka chimodzimodzi. Ngati mmisiri ali pafupi, mpatseni foni afotokoze yekha. Mphindi imodzi ya iye imachotsa chikaiko chimene mlongo sakanachichotsa ndi ndime zisanu.

Anthu ambiri amaopa kuimba chifukwa cha mayunitsi. Kuimba kunja kwa dziko pa laini wamba nkodula ndithu, koma kuimba kwa mawu okha pa WhatsApp nthawi zambiri sikufika MB imodzi pa mphindi, moti kukambirana kwa mphindi khumi kumadya bandulo yochepa kuposa kavidiyo kamodzi ka m'gulu la banja. Vidiyo ndiyo imameza bandulo komanso imadukaduka netiweki ikafooka, choncho izimitseni pokhapokha mukufuna kuonetsa denga lenilenilo. Kumbukiraninso kuti pa WhatsApp onse awiri bandulo imadyeka, woimba ndi wolandira yemwe, pamene pa laini wamba wolandira ali kwawo salipira kanthu. Ndiye ngati wa kumudzi alibe bandulo, aflashe, wa kutauni kapena wa kunja aimbe pa laini.

Nanga uthenga wa mawu, uja timajambula titadina kamaikolofoni? Pa nkhani ngati iyi sindiuwerengera ngati foni. Ndi uthenga wautali womwe uja, kungoti wolankhulidwa. Wolandira sangakudule kuti afunse, ndipo akafuna mtengo wa lata limodzi ayenera kumvetseranso mphindi zinayi kuti aupeze. Ambiri amauthamangitsa pa 1.5× kapena 2×, ndipo kudandaula kwanu konse kumamveka ngati nthabwala. Umathandiza kwa agogo amene maso anafooka kapena amene kuwerenga kumawavuta, komanso kumene netiweki imabwera mwa apo ndi apo moti foni singagwire. Zikatero jambulani tifupitifupi, nkhani imodzi pa uthenga umodzi.

Ntchito sithera pa kudula foni. Zolankhulidwa zimaiwalika, ndipo pakatha mwezi aliyense amakumbukira mbali imene imamukomera. Foni ikangotha, mmodzi alembe zimene mwagwirizana, mosawonjezera ndemanga:

"Monga takambirana: tigula malata 46 a geji 28. Mutumiza ya malata 6 Lachisanu. Ine ndikagula Loweruka m'mawa ndipo nditumiza chithunzi cha lisiti. Mmisiri amaliza Lamlungu."

Winayo ayankhe kuti "Ndi momwemo." Mizere inayi imeneyi ndi imene idzatsegulidwe tsiku limene wina adzafunse za ndalama. Manambala onse ayende njira yomweyi: nambala ya Airtel Money kapena TNM Mpamba yolandirira ndalama, nambala ya akaunti, kuchuluka kwa ndalama, tsiku. Nambala yotchulidwa pa foni netiweki ikudukaduka ndi imene imapititsa ndalama kwa munthu wosamudziwa. Koma nkhaniyi ili ndi mbali ina: uthenga ukabwera kuchokera pa nambala yachilendo wonena kuti ndine m'bale wanu, foni yanga yatayika, tumizani pa nambala iyi, pamenepo ngakhale uthengawo ndi waufupi, imbani mumve mawu ake musanatumize kanthu.

Ngati amene mukumulembera ali ndi kafoni ka mabatani, utali umayezedwa mwa njira inanso. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, kuwerengera ndi mipata yomwe. Mukapitirira, uthenga umagawidwa m'zidutswa za zilembo 153 ndipo chidutswa chilichonse chimalipiridwa pachokha. Chimene ambiri sadziwa nchakuti mukangoikamo kachithunzi kamodzi ka nkhope yoseka, kapena chilembo cha ŵ chija ena amalemba mu dzina la Malaŵi, malire amatsika kufika pa zilembo 70. Uthenga wa malata uja ukanatuluka zidutswa zambirimbiri, ndipo pa mafoni ena chidutswa chimodzi chikachedwa, wolandira amaona nkhani yoduka pakati. Mukaona kuti SMS ikulowa chidutswa chachitatu, imbani basi.

Pali nkhani zina zimene utali wake suwerengedwa nkomwe. Uthenga wa maliro ndi waufupi kwambiri, koma mwana wa malemu kapena mlongo wawo sayenera kuumva koyamba m'gulu la WhatsApp, pakati pa zithunzi ndi mavesi a m'mawa. Aimbiridwe, ndipo ngati ali yekha kutali, ndi bwino kuyamba mwaimbira wina amene ali naye pafupi kuti akakhale naye. Gulu lidziwitsidwe pambuyo, pamodzi ndi tsiku ndi malo a mwambo. Chimodzimodzi kupepesa kwa akuluakulu, kukana pempho la ndalama kwa malume, kapena kudandaula kwa apongozi: zolembedwa zimatumizidwa kwa ena, zimajambulidwa, zimawerengedwa pa bwalo la banja mopanda mawu anu ofatsa aja.

Nthawi zina mumaimba koma osayankhidwa. Musabwezere polemba zonse zija mwaukali, ndipo musaimbe kasanu motsatizana. Ambiri ogwira ntchito m'nyumba za anthu, m'masitolo ndi m'zipatala saloledwa kugwira foni mpaka ataweruka. Siyani funso limodzi loyankhika ndi mawu amodzi, lokhala ndi malire a nthawi: "Achemwali, mmisiri akuchoka Lolemba. Tigule a geji 28 okwana nyumba yokha, khonde lidikire? Ndikapanda kumva pofika Loweruka m'mawa ndichita zimenezi kuti mvula isatipeze." Mwa njira zitatu zija, sankhani imene ingakonzedwe pambuyo. Khonde likhoza kufoleredwa mwezi wamawa, koma malata a geji 30 akakhomedwa ndi misomali sitolo siingawalandirenso.