Mutu ndi Mawu Ofotokoza Kanema wa Phala

Tikajambula kanema wa kaphikidwe ka phala pa foni, ntchito imakhala isanathe. Pamatsala mutu ndi mawu ofotokoza. Mutu wongoti "Phala" suthandiza woonera, pakuti phala liripo la mitundumitundu. Mutu wabwino umatchula ufa, chotsiramo ndi nthawi yophikira. Wathu kuno ku Mpanshya tinaulemba motere: "Phala la mgaiwa lotsira nsinjiro: mphindi 20."

Mawu ofotokoza akhale okwanira, kotero kuti mayi amene kanema wakana kutseguka pa foni yake aphikebe phalalo. Ife tinalemba kuti:

"Tengani kapu 1 ya mgaiwa, makapu 5 a madzi, masupuni 4 a nsinjiro ndi kamchere pang'ono. Wiritsani makapu 4. Sungunulani ufa ndi nsinjiro m'kapu yotsalayo ya madzi ozizira, kenaka thirani mumphika uku mukutakasa ndi mthiko. Likayamba kubwadamuka, chepetsani moto, libwate mphindi 15. Lapsa pamene fungo la ufa wauwisi latha. Likwanira anthu 4."

Madzi ozizirawo tinawatchula dala, chifukwa ufa wouma ukagwera m'madzi owira umaundana n'kupanga mibulu. Tinawonjezanso chenjezo lakuti mtedza wachuku utayidwe usanasinjidwe, popeza poizoni wake satha ndi moto.

Musanatumize kanemayo, patsani mnzanu amene sanamuonepo mawuwo, aphike powatsata. Pamene angafunse funso, dziwani kuti pamenepo pasoweka mawu.