Kuteteza mwana wosabadwa pamene mayi ali ndi kachilombo ka HIV

Mwana amene ali m'mimba sagwiritsa ntchito magazi a mayi ake. Ali ndi akeake, ndipo nsengwa ndi imene imawalekanitsa. N'chifukwa chake mayi amene ali ndi HIV akhoza kubereka mwana wopanda kachilomboka. Komabe mipata yoti kalowere ilipo itatu: pa nthawi ya pakati, makamaka miyezi yomaliza, pobereka, pamene mwana amakhudzana ndi magazi ndi madzi a mayi, ndiponso poyamwitsa. Popanda mankhwala, ana 15 mpaka 45 mwa ana 100 obadwa kwa amayi oterewa amatenga kachilomboka. Mayi akamamwa ma ARV mosadumphitsa, chiwerengerochi chimatsika n'kufika pansi pa 5.

Chimene chimatseka mipata itatu yonseyi ndi chimodzi: kuchepa kwa tizilombo m'magazi a mayi. Ma ARV sathetsa kachilomboka, koma amakaletsa kuswana. Tizilombo tikachepa m'magazi, timachepanso m'njira yoberekera ndi mu mkaka wa m'mawere. Kuyambira mu 2011, ku Malawi kuno mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV amayamba ma ARV osadikira kuti adwale, ndipo amamwa moyo wake wonse. Ambiri masiku ano amalandira TLD, piritsi limodzi patsiku lokhala ndi mankhwala atatu. Limagwira ntchito msanga, koma limafuna milungu ingapo kuti tizilombo titsike bwino. Amene wayamba sikelo mimba isanapitirire miyezi itatu ali ndi nthawi yokwanira. Amene wabisa mimba mpaka mwezi wachisanu ndi chitatu wamusiya mwana nthawi yaitali wopanda chitetezo. Ndikudziwa kuti ambiri timaopa kuulula mimba idakali yaing'ono, koma anamwino si anthu ofunika kuwabisira.

Tiyerekeze mayi wina wapita kusikelo koyamba mimba ili ndi miyezi inayi, ndipo wapezeka ndi HIV. Abwerera kunyumba ndi TLD, bakitirimu, mapiritsi owonjezera magazi ndi neti. Pa mankhwala amenewa pali zinthu ziwiri zimene ambiri amalakwitsa.

Choyamba ndi mapiritsi owonjezera magazi aja. Ali ndi ayironi, ndipo ayironi akakumana ndi TLD m'mimba mopanda chakudya, amagwira gawo lina la mankhwalawo kuti lisalowe m'magazi. Mayi amaona ngati akumwa bwinobwino, chikhalirecho thupi likulandira ochepa. Njira yosavuta ndi kumwa onse awiri pamodzi ndi chakudya chenicheni, monga nsima ya madzulo. Ngati mukuwalekanitsa, yambani TLD, kenako padutse maola awiri musanamwe owonjezera magazi. Mankhwala a chilungulira, chimene chimavuta kwambiri amayi apakati, ambiri amagwiranso TLD mofanana. Musagule pagolosale musanafunse anamwino.

Chachiwiri ndi fansida, amene amayi apakati amapatsidwa popewa malungo. Mayi amene akumwa bakitirimu tsiku lililonse sayenera kumwa fansida. Mankhwala awiriwa ndi a gulu limodzi, kuwaphatikiza kumawonjezera chiopsezo cha zotupa zoopsa pakhungu, komanso bakitirimuyo akuteteza kale ku malungo. Mukapita kuchipatala chimene sakukudziwani, nenani nokha kuti muli pa bakitirimu.

Piritsi limwedwe nthawi yofanana tsiku lililonse. Mukaiwala, imwani pamene mwakumbukira, koma musamwe awiri nthawi imodzi pofuna kubweza la dzulo. Mukasanza pasanathe mphindi 30 chimwereni, imwani lina. Ngati kusanzako kukuchitika tsiku ndi tsiku, musadikire tsiku lanu la sikelo, pitani akakuthandizeni.

Nanga munthu angadziwe bwanji kuti mankhwala akugwira? Pathupi sizioneka. Mayi akhoza kunenepa, nkhope kusalala, tizilombo tili mbwee m'magazi. Chimene chimanena zoona ndi kuyeza kuchuluka kwa tizilombo, komwe kuchipatala amati vairo lodi. Zotsatira zikaonetsa kuti tizilombo sitikuoneka, mwana ali pabwino kwambiri. Zikafika 1,000 kapena kupitirira, pali vuto, ndipo kawirikawiri vutolo ndi masiku odumphitsa kapena kamwedwe kolakwika konga ka ayironi kaja. Likadziwika mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, nthawi yokonza ilipo. Choncho mukatengedwa magazi, ulendo wotsatira funsani zotsatira zanu, ndipo muonetsetse kuti zalembedwa m'buku lanu la kuchipatala. Kusikelo komweko amayezanso chindoko, chimene chimatha kupha mwana m'mimba komanso kuwonjezera mpata woti HIV imufikire. Maulendo amene akulangizidwa ndi asanu ndi atatu. Bambo abwere nawo adzayezetse, chifukwa chindoko cha mayi chikachizidwa cha bambo chikatsala, chimabwereranso.

Tibwerere kwa mayi uja. Mwezi wachisanu ndi chitatu wakwana, ndipo akupita kwawo kukadikirira pafupi ndi amayi ake. Apa m'pamene amayi ambiri omwa bwino mankhwala amagwera. Botolo limatha ali kumudzi, chipatala chakumeneko sichikuwadziwa, ndipo pakhomo palibe amene anauzidwa, ndiye kumwa kumakhala kobisalira. Ma ARV akasiyidwa, tizilombo timayamba kuchulukanso pakangopita sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo apa ndiye kuti tikuchuluka nthawi yobereka itayandikira. Musananyamuke, auzeni anamwino kumene mukupita ndi nthawi imene mukakhaleko, kuti akupatseni mankhwala okwanira kapena kalata yokalandirira kumeneko. M'chikwama cha kuchipatala, pamodzi ndi zitenje ndi beseni, muike botolo la ma ARV ndi buku lanu. Ndipo pakhale munthu mmodzi wodziwa, kaya ndi amayi anu kaya mchemwali wanu, amene angakupatseni piritsi tsiku limene inu mulibe mphamvu yolikumbukira. Tsiku lobereka nalonso piritsi limwedwe.

Mwana akabadwa amayamba nevirapini wamadzi mwamsanga, kamodzi patsiku kwa milungu isanu ndi umodzi. Wolemera kupitirira makilogalamu 2.5 amamwa mamililita 1.5, wocheperapo amamwa ochepa. Musatuluke m'chipatala anamwino asanakuonetseni mzere wake pa sirinji. Ngati mayi anayamba ma ARV mochedwa kapena tizilombo tinali tambiri, mwana amapatsidwa mankhwala amphamvu kuposa amenewa. Mukaberekera panjira kapena kunyumba, mwana afike kuchipatala tsiku lomwelo.

Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba mwana ayamwe bere lokha. Agogo akabwera ndi madzi, dawale kapena phala ponena kuti mwana akulira njala, akanizeni mwaulemu: zinthu zimenezi zimasokoneza matumbo anthete a khanda, ndipo kachilombo kamapeza polowera. Nsonga za mawere zikang'ambika, bere likatupa, kapena mwana akatuluka zoyera m'kamwa, pitani kuchipatala msanga.

Pa milungu isanu ndi umodzi mwana amatengedwa magazi pang'ono kuti ayezedwe, ndipo amayamba bakitirimu. Kuyeza kumeneku kumafufuza kachilombo kenikeniko, chifukwa kuyeza wamba kwa akuluakulu kungangopeza asilikali a m'thupi amene mwana anatengera kwa mayi ake. Zotsatira zikatuluka zabwino, nkhani sinathe, popeza mwana akuyamwabe. Adzayezedwanso pa miyezi 12 ndi 24, ndipo ayenera kukhala atasiya bere milungu isanu ndi umodzi kuyeza komalizako kusanachitike, n'chifukwa chake anamwino amalangiza kumuletsa kuyamwa cha pa miyezi 22. Ngati pa kuyeza kwina kulikonse wapezeka nako, ayambe ma ARV a ana nthawi yomweyo, osadikira kuti adwale.