Mapiritsi Anali Omwewo

Achimwene anga anamwa lithiyamu zaka zisanu ndi chimodzi popanda chovuta. Chimene chinawagwetsa chinachitika m'masabata atatu okha, ndipo m'masabata amenewo sanawonjezere piritsi ngakhale limodzi. Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ine ndinali nawo m'gulu la anthu amene ankawakakamiza kumwa mankhwalawo pamene anali atasanduka poizoni m'thupi mwawo.

Matenda awo anayamba ali ku Joni, kumene ankagwira ntchito yowotcherera zitsulo. Ankatha sabata osagona, akulankhula mosalekeza, ndalama akumwaza ngati mankhusu. Kenako ankagwa m'chisoni chachikulu, osatuluka m'nyumba mwezi wathunthu. Madokotala anati ndi baipola, matenda amene maganizo amakwera mopitirira ndi kutsika mopitirira. Anawapatsa lithiyamu, mapiritsi awiri a mamiligalamu 400 usiku uliwonse, ndipo munthu anabwerera mwakale. Anakwatira, anabereka ana, nayamba kumanga nyumba kumudzi.

Lithiyamu ndi mankhwala akale. Dokotala wa ku Australia, John Cade, ndiye analengeza mu 1949 kuti amakhazika pansi odwala otere, ndipo mpaka lero ndi amodzi mwa mankhwala odalirika kwambiri poletsa matendawa kubwerera komanso pochepetsa chiopsezo chodzipha. Vuto lake ndi lakuti malire a pakati pa kuchiritsa ndi kuvulaza ndi opapatiza ngati mzere wa pakati pa minda. Madokotala amafuna kuti m'magazi akhale pakati pa 0.6 ndi 1.0 mmol/L, kutanthauza mamilimolo pa lita imodzi. Akadutsa 1.5 zizindikiro za poizoni zimayamba kuoneka, ndipo akapitirira 2.0 moyo uli pachiswe. Ndiye kuti kuwirikiza kawiri kokha mlingo wabwino kumamufikitsa munthu pangozi. N'chifukwa chake ku Joni ankawatenga magazi miyezi ingapo iliyonse, m'mawa, patatha maola 12 chimwereni mapiritsi ausiku. Zotsatira zawo zinkakhala cha m'ma 0.7.

Mwezi wa Okutobala anabwera kwathu ku Chikwawa kudzamaliza nyumba, atanyamula mapiritsi a miyezi itatu. Amene anakhalako kuchigwa m'chilimwe akudziwa dzuwa lake. Achimwene ankakhala pa uvuni wa njerwa kuyambira m'mamawa, thukuta lili kamukamu, malaya akuchita kufinyidwa.

Sabata yoyamba mutu unkawapweteka, ndipo anapita kuchipatala chaching'ono chapafupi. Anawapeza ndi BP yokwera. Anawapatsa timapiritsi tokodzetsa timene pa khadi amalemba kuti HCTZ, nawalangiza kuchepetsa mchere. Atafunsidwa ngati pali mankhwala ena amene akumwa, anayankha kuti palibe. Pambuyo pake anandiuza kuti panja pa chipindacho panali anthu a m'mudzi mwathu, ndipo sanafune kuti mbiri ya "mankhwala a misala" ifike ku ukwati wawo ndi kumpingo. Alamu anga, pokonda mwamuna wawo, anasiyiratu kuthira mchere m'ndiwo.

Sabata yachiwiri msana unawawa chifukwa chonyamula njerwa. Anatuma mwana kukagula bulufeni pagolosale, namamwa katatu pa tsiku. Sabata yachitatu anatsegula m'mimba.

Zinthu zonsezi, chilichonse pachokha, zimaoneka zazing'ono. Koma zonse zinkagogoda pa khomo limodzi, ndipo khomolo ndi impso. Chiwindi sichiphwanya lithiyamu monga chichitira ndi mankhwala ambiri. Amalowa m'thupi ali lithiyamu, amatulukanso ali lithiyamu, pafupifupi yense kudzera mumkodzo. Tsono impso zimamuona ngati mbale wake wa sodiyamu, chija chimene chili mumchere wathu wa m'ndiwo. Zikamasefa magazi, zimabweza sodiyamu wambiri kuti asatayike, ndipo lithiyamu amabwerera naye limodzi. Thupi likasowa madzi kapena mchere, impso zimaumira kwambiri, zimagwira sodiyamu aliyense amene zingathe, ndipo lithiyamu amene akanatuluka amabwerera m'magazi.

Thukuta la pa uvuni linachotsa madzi ndi mchere. Ndiwo zopanda mchere sizinabwezeretse chimene chinatayika. Timapiritsi tokodzetsa tija timagwira ntchito potaya sodiyamu mumkodzo, ndiye impso zimalipsira pogwira wambiri chakumtunda, pamodzi ndi lithiyamu. Bulufeni, monganso daikolofenaki ndi indosidi, amachepetsa magazi oyenda mu impso, kusefa n'kuchepa. Kutsegula m'mimba kunangomaliza. Usiku uliwonse mapiritsi awiri ankalowa monga mwa masiku onse, koma a dzulo ndi a dzana anali asanatuluke.

Zizindikiro tinaziona, koma tinaziwerenga molakwa. Manja awo ankanjenjemera pang'ono kuyambira kale, kunjenjemera kosaoneka bwino kumene ambiri omwa lithiyamu amakhala nako, pamodzi ndi ludzu ndi kukodza pafupipafupi. Tsopano kunjenjemerako kunakula moti tiyi ankatayikira pa malaya. Ankayenda dzandidzandi, mawu akutuluka olemera ngati lilime lakula m'kamwa. Anansi anayamba kunong'onezana kuti wa ku Joni wayamba kachasu. Amayi anati anthu amuchitira nsanje chifukwa cha nyumba ya malata, ndipo anafuna kupita naye kwa sing'anga.

Ine ndinadziyesa wozindikira. Nditaona kuti akusokoneza mayina a ana ndiponso akugona masana onse, ndinati matenda aja abwerera. Ndinawafunsa alamu kuti, "Kodi mapiritsi aja akumwa?"

"Dzulo anasanza, ndiye sindinawapatse," anatero.

"Ayi alamu, musadumphitse. Adokotala ananena kuti akasiya, matenda amabwerera mwamphamvu."

Zimenezo n'zoona, koma sizinali za tsiku limenelo. Usiku umenewo ndinawagwira mutu ndekha, ndikuti, "Achimwene, mezani, muchira." Anameza. Usiku wotsatira tinachitanso chimodzimodzi.

M'mawa wa tsiku lachitatu sanathe kuimirira. Minofu ya m'manja ndi kumaso inkadumphadumpha yokha. Tinachita hayala galimoto kupita kuchipatala chachikulu. Anawayeza malungo, sanawapeze. Anayeza shuga, anali bwino. Dokotala wina wachizimayi anayang'ana mmene dzanja lawo linkaphonyera mphuno akauzidwa kuikhudza, natembenukira kwa alamu.

"Mayi, mankhwala onse amene bambowa akumwa ali kuti? Onse, ngakhale ogula pagolosale."

Alamu anakhuthula jumbo patebulo. Dokotalayo anaika pamodzi botolo la lithiyamu, kapepala ka HCTZ ndi bulufeni, nakhala chete kanthawi. Kenako anati, "Kuyambira pano asamwenso chilichonse mwa zitatuzi."

Palibe mankhwala ofafaniza lithiyamu m'thupi. Ngakhale makala amene amapatsa omwa poizoni wina samugwira. Chimene chilipo ndi kusiya kumwa, kuika diripi ya madzi amchere kuti impso zitsegukenso, ndipo zikafika poipa, kusefa magazi ndi makina a dayalisisi. Magazi awo anachita kutumizidwa ku labu ya mumzinda, chifukwa si chipatala chilichonse chimene chimayeza lithiyamu. Zotsatira zinabwera 2.4, ndipo impso zinali zitafooka. Anawatumiza ku Blantyre, kumene anakhala masabata awiri.

Chimene chinatizunza n'chakuti nambala ya m'magazi inatsika msanga, koma munthu sanadzuke msanga. Dokotala anatifotokozera kuti lithiyamu amalowa mu ubongo pang'onopang'ono ndipo amatulukamonso pang'onopang'ono. N'chifukwa chake munthu amene wamwa kwa zaka, poizoni n'kuunjikana mwakachetechete, amadwala kwambiri kuposa mmene nambala ikusonyezera. Ena amaonetsa zizindikiro ngakhale nambala ili pafupi ndi malire abwino. Choncho wodwala akamadzandira ndi kulankhula molemera, sadikira pepala la ku labu kuti asiye mapiritsi.

Achimwene anachira, nzeru zawo zinabwerera, impso zinayambanso kugwira ntchito. Koma mbali ya ubongo yoyendetsa thupi mwadongosolo inakhudzidwa. Mpaka lero akamayenda amatangadza miyendo pang'ono, ndipo dzanja lawo silikhazikika mokwanira kuti awotcherere chitsulo. Ku Joni sanabwererenso.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti phunziroli dziko linaliphunzira kale. Cha m'ma 1940 ku America, mchere wa lithiyamu unkagulitsidwa kuti odwala mtima, amene analetsedwa mchere wamba, azithira m'chakudya. Ena anamwalira, ndipo mu 1949 unachotsedwa pamsika. Lithiyamu m'thupi losowa mchere ndi ngozi imene inadziwika zaka zoposa 70 zapitazo, koma ife m'nyumba mwathu palibe ankaidziwa. Safunsa anadya phula.

Ngati inu kapena m'bale wanu amamwa lithiyamu, tchulani dzina lake kwa aliyense amene akukulemberani kapena kukugulitsani mankhwala, ngakhale mutachita kunong'ona kapena kungoonetsa botolo. Si HCTZ yekha amene amamukweza. Mankhwala ena a BP monga enalapulilo ndi losatani amateronso, ndipo dokotala akadziwa amasankha ena, kapena amachepetsa lithiyamu n'kuyeza magazi pakatha masiku asanu kapena sabata. Pa ululu wamba imwani panado, osati bulufeni. Mchere muzidya mofanana tsiku ndi tsiku, osausiya mwadzidzidzi, ndipo m'nyengo yotentha madzi asakutalikireni. Impso ndi chithokomiro ziziyezedwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, chifukwa impso zikamafooka ndi ukalamba, mlingo umene unali wabwino kale umayamba kuchuluka.

Munthu ali bwinobwino asasiye lithiyamu payekha, chifukwa kusiya mwadzidzidzi kumadzutsa matenda. Koma tsiku limene akusanza, akutsegula m'mimba, kapena watentha thupi mpaka kulephera kudya ndi kumwa, apite kuchipatala tsiku lomwelo asanamwe piritsi lina. Ndipo akayamba kunjenjemera kwambiri, kudzandira, kulankhula ngati woledzera kapena kusokonezeka, musamupatsenso. Nyamulani munthuyo pamodzi ndi jumbo ya mankhwala ake onse.

Nyumba ija inatha, ndipo achimwene amakhala momwemo. Amamwa mankhwala ena tsopano, ndipo m'thumba la malaya mumakhala kapepala kolembedwa mayina a zonse zimene amamwa. Tsiku lina ndinawapepesa chifukwa cha mausiku awiri aja. Anandiyankha kuti, "Iwe unandipatsa chimene unkadziwa. Ine ndinabisa chimene ndinkadziwa. Ukauze ena zonse ziwiri."