Nambala Yosunga Musamaisunge M'mutu

Ana anga a kuno kwa Chambe, inu amene mumadzuka m'mawa n'kuona thanthwe lija litaima kumbuyo kwa nyumba zanu, khalani pansi ndikuuzeni za samu yomwe inandilizapo ine ndili kale munthu wa ndevu.

Ndili mnyamata ndinalembedwa ntchito ya ukalaliki wa pasikelo pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Othyola tiyi ankabwera ndi madengu awo, ine n'kumalemba makilogalamu a munthu aliyense m'buku. Pakutha pa mwezi ndinkawonkhetsa mndandanda wa munthu aliyense kuti alandire malipiro. Mwezi wina mayi wina wachikulire anakana kuchoka pawindo lolandirira malipiro. Anati, "Achimwene, masamba anga sanakwane." Mayiyo sankadziwa kulemba, koma mwana wake ankamulembera makilogalamu a tsiku lililonse pachikuto cha kope. Titawonkhetsanso tinapeza kuti ndinamudyera makilogalamu 40. Sindinabe. Ndinangosunga 1 pamalo oyenera kusunga 5. Kwa mayi uja makilogalamu 40 anali thukuta la tsiku lonse, mvula ili pamsana. Chiyambire tsiku limenelo sindinawonkhetsenso mndandanda wautali mothamanga, ndipo njira yomwe ndinaphunzira ndi imene ndikukupatsani lero.

Tiyambe ndi kulemba, chifukwa samu zambiri zimalakwika musanayambe n'komwe kuwonkhetsa. Tiyerekeze kuti anthu asanu ndi awiri athyola makilogalamu awa: 487, 356, 98, 529, 675, 408 ndi 769. Jambulani mizere yotsika m'kope mwanu kuti pakhale tinjira titatu. Kanjira ka kumanja ndi ka mawani, kapakati ndi ka mateni, ka kumanzere ndi ka mahandiredi. Nambala iliyonse muziyamba kuilemba kuchokera kumanja, motere:

```
  H T O
  4 8 7
  3 5 6
    9 8
  5 2 9
  6 7 5
  4 0 8
+ 7 6 9
-------
```

Taonani 98 uja. Ndi wamfupi kuposa anzake, ndipo malo opanda kanthu ali kumanzere kwake. Ana ambiri dzanja limawakokera kumanzere, amaika 9 pansi pa 3 ndi 8 pansi pa 5. Akatero 98 wasanduka 980, ndipo ngakhale awonkhetse mosamala chotani, yankho lapita kale kutchire. Onaninso 0 wa mu 408. Musamusiye poganiza kuti alibe ntchito. Iyeyo ndi amene akugwira malo kuti 4 asagwere m'kanjira ka mateni.

Tsopano tiwonkhetse, kuyambira kumanja. Ikani nsonga ya pensulo pa 7 ndipo muzitsika nayo nambala imodzi imodzi. Pakamwa muzingotchula pomwe mwafika basi: 7, 13, 21, 30, 35, 43, 52. Musamanene chiganizo chonse chakuti "7 kuphatikiza 6 ndi 13, 13 kuphatikiza 8 ndi 21". Mawu akachuluka, nambala yomwe munafikapo imathawa m'mutu, ndipo mnzanu akangokukodolani mumayambiranso. Pensulo isachoke papepala mpaka mutafika pansi.

Tapeza mawani 52. M'kanjira kamodzi mumakhala nambala imodzi yokha, ndiye 52 sangalowemo yense. Apa ndi pamene pagona nkhani. Ganizani za timitengo tomwe munkawerengera muli Sitandade 1 ndi 2. Timitengo tikakwana khumi munkatimanga ndi mphira kukhala kamtolo kamodzi. Timitengo 52 timapereka timitolo tisanu, n'kutsala timitengo tiwiri tosamanga. Tiwiri tosamangato ndi 2 amene tilembe pansi pa mawani. Timitolo tisanu tija si mawaninso, ndi mateni, choncho tisamukira kwa anzawo m'kanjira kapakati. Ndiko kusunga kumeneko. Tilemba 2, tisunga 5.

Mwamva? Tisunga 5, osati 1.

Ndikudziwa kumene chizolowezi cha 1 chimachokera, chifukwa ndi chomwe chinandigwetsa ine. Pamene munayamba kuphunzira kusunga, munkawonkhetsa nambala ziwiri zokha. Nambala ziwiri, ngakhale zikule bwanji, m'kanjira kamodzi sizipitirira 9 ndi 9, zomwe ndi 18, ndipo mukawonjezapo yosunga zimafika 19. Choncho nthawi zonse munkasunga 1, mpaka pakamwa panazolowera nyimbo ya "tisunga wani". Koma mndandanda ukatalika timitolo timachuluka. Pa nambala zitatu mutha kusunga 2. Pa nambala zisanu ndi ziwiri ngati zathuzi mutha kusunga mpaka 6. Yosunga siiposa kuchuluka kwa nambala zomwe mukuwonkhetsa kuchotsapo imodzi. Ngati muli ndi nambala zinayi koma mwapezeka mukusunga 5, imani, penapake mwalumpha.

5 ameneyu mulembeni. Mulembeni wamng'ono pamwamba penipeni pa kanjira ka mateni, pamutu pa 8. Ndaonapo ana akumusunga pa zala za dzanja lamanzere, ena amangoti "ndikumbuka". Ntchentche ikatera pamphuno, dzanja limapita kukaiingitsa, 5 wapita. Ena amachita manyazi, amaganiza kuti kulemba yosunga ndi zachibwana, za ana a Sitandade 3. Ine ndagwira mabuku a ndalama zaka zambiri, a kuntchito ndi a banki mkhonde ya m'mudzi mwathu, ndipo mpaka lero yosunga ndimailemba.

Tipite ku mateni. Yambani ndi yosunga ija, musaisiyire kumapeto, chifukwa chosiyira kumapeto ndi chimene chimaiwalika. Pensulo pa 5, ndiye tsikani: 5, 13, 18, 27, 29, 36, 36, 42. Mwaona kuti 36 ndamutchula kawiri? Pamenepo pensulo inali pa 0. Ndimamutchulabe kuti diso lisalumphe mzere. Tapeza mateni 42. Timitolo khumi timapanga mtolo waukulu umodzi wa handiredi, monga momwe makobili khumi a K10 amasinthidwira ndi K100 imodzi. Mateni 42 ndi mitolo ikuluikulu inayi ndi timitolo tiwiri totsala. Tilemba 2, tisunga 4, ndipo 4 tikamulemba pamutu pa kanjira ka mahandiredi.

Mahandiredi: 4, 8, 11, kenako pa mzere wa 98 palibe kanthu ndiye tingodutsa, 16, 22, 26, 33. Kumanzere kulibenso kanjira kena koti tiwonkhetse, choncho 33 timulemba yense. 3 woyambayo wakhala m'malo a masauzande. Yankho ndi makilogalamu 3,322.

Mwana wa nyimbo ya "tisunga wani" akanapeza chiyani pa samu yomweyi? Pa mawani akanalemba 2. Pa mateni akanapeza 38, n'kulemba 8. Pa mahandiredi akanapeza 30. Yankho lake 3,082. Ataya makilogalamu 240, ndipo choopsa chake n'chakuti 3,082 amaoneka ngati yankho labwinobwino. Palibe chimene chimakuwa kuti walakwa. N'chifukwa chake samu yaitali siitha pomwe mwalemba yankho. Iyenera kuyesedwa.

Kuyesa koyamba n'kwachangu. Nambala iliyonse muikankhire ku handiredi yoyandikana nayo: 487 akhale 500, 356 akhale 400, 98 akhale 100, ndipo enawo akhale 500, 700, 400 ndi 800. Zonse pamodzi ndi 3,400. Yankho lathu la 3,322 lili pafupi, mtima ukhale pansi pang'ono. Amene anasokoneza malo a 98 uja akanapeza 4,204, ndipo akanaona yekha kuti watalikira. Koma kuyesa kumeneku kumagwira zolakwa zikuluzikulu zokha. Makilogalamu 40 a mayi uja sakanaoneka mwa njira imeneyi.

Kuyesa kumene ndimakudalira ndi kukwera. Munatsika, tsopano yambirani pansi kupita pamwamba. Mawani: 9, 17, 22, 31, 39, 45, 52. Tafikanso pa 52. Mwina mukufunsa kuti bwanji osangobwereza kutsika. Amene anayendapo njira yochokera ku Likhubula kupita pamwamba pa phiri amadziwa kuti mwala umene unakupunthwitsa dzulo umakupunthwitsanso lero ukaponda momwemo. Mutu nawo umatero. Ngati munanena kuti 13 ndi 8 ndi 22, mukabwereza njira yomweyo mudzanenanso 22. Pokwera nambala zimakumana ndi anzawo ena, ndipo cholakwa chija sichipeza pobisala. Muchite chimodzimodzi ndi mateni ndi mahandiredi, ndipo pa kanjira kalikonse muyang'ane ngati yosunga yomwe munalemba pamwamba ikufanana ndi nambala ya kumanzere ya zomwe mwapeza. Mwapeza 52, pamwamba payenera kukhala 5.

Mndandanda ukakhala wautali kwambiri, wa nambala makumi awiri kapena atatu monga unkakhalira m'buku langa la mwezi, musalimbane nawo wonse nthawi imodzi. Uduleni. Pa samu yathuyi, nambala zinayi zapamwamba zimapereka 1,470, zitatu zapansi zimapereka 1,852, ndipo ziwirizi pamodzi ndi 3,322. Njira zitatu zafika pakhomo limodzi.

Nanga mayankho awiri akasiyana? Musafufute zonse mokwiya. Chotserani laling'ono ku lalikulu, kusiyanako kukuuzani kokayang'ana. Kukakhala 10, 20 kapena 40, kayang'aneni yosunga yochokera ku mawani. Kukakhala 100 kapena 300, kayang'aneni yochokera ku mateni. Kukakhala nambala yogawika ndi 9, kawirikawiri ndiye kuti pokopera munatembenuza nambala. Mukalemba 592 m'malo mwa 529, kusiyana kwake ndi 63, ndipo 63 ndi 9 kuchulukitsa ndi 7. Chinsinsi chimenechi anandiuza ndi kalaliki wachikulire amene anandipeza usiku ndikuwonkhetsa tsamba limodzi kachisanu, nyali ya palafini ikutha mafuta.

Ena mwa inu muti pafoni ya amayi pali kakyuleta. Ilipodi, ndipo nanenso ndimaigwiritsa ntchito. Koma chala chikadina 98 kawiri, kapena chikalumpha 408, foni siikuuzani. Imangopereka yankho la zomwe mwadina. Amene amadziwa kuwonkhetsa ndi dzanja ndiye amazindikira kuti foni yapatsidwa zolakwika. Komanso tsiku la mayeso a MANEB a Sitandade 8 mudzakhala inu, pepala ndi cholembera.

Madzulo ano, musanapite kotunga madzi kapena kokatsekera mbuzi, tengani kope. Jambulani tinjira titatu ndipo mulembe nambala izi: 276, 849, 57, 693, 188 ndi 905. Samalani ndi malo a 57. Tsikani, lembani yosunga iliyonse, kenako kwerani. Ndikuuzeni chimodzi chokha: yosunga yoyamba si 1. Mawa mukaonetse aphunzitsi anu tsamba lonse, tinambala tating'ono ta pamwamba tija tili pomwepo, musatifufute.