Malonda amodzi, makomo awiri: kulembera banki ndi kulembera kampani ya achinyamata

Amalonda ang'onoang'ono ambiri ali ndi uthenga umodzi umene adaulemba kale ndipo amangoutumiza kulikonse kumene akufuna msika, n'kungosintha dzina pamwamba. Akapanda kuyankhidwa amati msika wauma kapena kuti kumeneko n'kwa odziwana okhaokha. Nthawi zina ndi zoona, koma kawirikawiri uthengawo umafera m'manja mwa munthu woyamba kuuwerenga chifukwa choti sudalembedwe moganizira iyeyo.

Chitsanzo chabwino ndi cha mayi wa shopu yosoka ndi kupeta malaya ku Limbe. Ali ndi makina opetera zizindikiro za makampani, antchito anayi, ndipo amatha kutulutsa malaya a gofu 200 m'masiku 14. Mitengo yake, imene pano yangoikidwa ngati chitsanzo, ndi K25,000 malaya amodzi, koma wogula 50 kapena kuposerapo amalipira K22,500. Iye akufuna makasitomala awiri: banki ina yaikulu mu mzinda wa Blantyre, ndi kampani ya achinyamata imene yangoyamba kumene ntchito yoperekera katundu m'makomo pa njinga zamoto.

Asanalembe chilichonse, mayiyu ayenera kuika papepala zinthu zimene sizisintha ngakhale alembere ndani: chimene akugulitsa, mtengo wake, masiku amene ntchito imatenga, ndi kumene angapezeke. Zimenezi ndi fupa la uthenga. Zosintha ndi malonje, dongosolo la mfundo, umboni umene akuonetsa, njira yotumizira, ndi chimene akupempha kumapeto.

Kubanki, amene amatsegula kalata si amene amagula. Kalatayo imalandiridwa, imadindidwa tsiku, imapita ku ofesi yogula katundu, ndipo mwina idzawerengedwa ndi anthu atatu kapena anayi amene mayiyu sadzawaona. Aliyense wa iwo amadzifunsa ngati angathe kuiteteza kwa bwana wake kapena kwa owerengera ndalama akadzafunsa chifukwa chimene adasankhira shopu imeneyi. N'chifukwa chake kalata ya kubanki imayamba ndi kudzidziwitsa ndi mapepala, malonda n'kubwera pambuyo. Imalembedwa m'Chingerezi monga mwa chizolowezi cha maofesi otere, papepala lokhala ndi dzina ndi keyala ya shopu, yopita kwa mkulu woona zogula katundu potchula udindo wake. M'Chichewa mawu ake angamveke chonchi:

"Wokondedwa Bwana, PEMPHO LOLOWA M'KAUNDULA WA OGULITSA MALAYA A ANTCHITO. Ndife shopu yolembetsedwa m'kaundula wa boma, yosoka ndi kupeta malaya ku Limbe kwa zaka zisanu. Tikupempha kuti mutiganizire pamene mukusankha ogulitsa malaya a gofu okhala ndi chizindikiro cha banki yanu. Timatha kupereka malaya 200 m'masiku 14 kuchokera tsiku lolandira LPO. Taphatikiza satifiketi yolembetsera bizinesi, nambala yathu ya TPIN, chiphaso cha MRA chosonyeza kuti tilibe ngongole ya msonkho, ndi mayina a mabungwe awiri amene tidawagwirira ntchito yotere. Ngati n'kotheka, tidzakondwa kubweretsa malaya a chitsanzo pa tsiku limene mungatiuze. Ife anu okhulupirika."

Kalatayi sikupempha banki kuti igule. Ikupempha chinthu chaching'ono chimene wolandirayo ali ndi mphamvu yochita, chomwe ndi kuika shopuyo pa mndandanda wa amene amafunsidwa mitengo. Mabanki ndi mabungwe akuluakulu ambiri amalengeza m'nyuzipepala nthawi yolembetsa ogulitsa, ndipo woyang'anira masamba amenewo amadziwa nthawi yabwino yogogoda. Kalatayi siyikutchulanso mtengo. Mtengo udzapita pa koteshoni akadzaupempha, chifukwa mtengo wolembedwa lero ungathe kudzatulutsidwa m'faelo patapita miyezi inayi nsalu itakwera kale ku Limbe, mayiyu n'kumangidwa ndi mawu ake omwe. Amene adali pa malonda mu Novembala 2023, pamene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti, amadziwa mmene koteshoni yopanda tsiku lothera imapwetekera. Choncho ikadzafunika, ilembedwe kuti mtengowo ugwira ntchito masiku 14 kapena 30 basi.

Mawu oyenera kupewa kubanki ndi odzichepetsa mopyola. "Chonde bwana tithandizeni, ndife osauka, tili ndi ana ambiri" ndi mawu amene pamudzi amatsegula mitima, koma mu ofesi yogula katundu amamveka ngati chenjezo lakuti shopuyo singathe kugula nsalu ya malaya 200 ndi ndalama zake n'kudikira malipiro. Ulemu wa kubanki umaonekera pa kulemba udindo wa munthu molondola, dzina la banki lopanda cholakwika, ndi kusamutayitsa nthawi. Mawu aliwonse onunkhira chiphuphu, ngakhale a nthabwala monga "sitidzakuiwalani", amapha kalata pomwepo, pakuti yolembedwa imasungidwa ndipo palibe wantchito angafune kuti dzina lake lipezeke pansi pa mawu otere.

Ku kampani ya njinga zamoto zinthu n'zosiyana kotheratu. Kumeneko woyankha foni, wosankha malaya ndi wolipira nthawi zambiri ndi munthu mmodzi, mwini wake, ndipo uthengawo auwerenga pa WhatsApp ali pakati pa ntchito zina. Akaona mizere iwiri yoyamba ikunena za satifiketi ndi zaka za shopu, sapitiriza. Iye funso lake ndi lakuti chinthuchi chimuthandiza chiyani, ndi ndalama zingati, ndipo chifika liti. Dongosolo limatembenuka: vuto lake patsogolo, mtengo pakati, shopu pambuyo.

"Mwaswera bwanji achimwene? Ndaona anyamata anu akuperekera katundu ku Ginnery Corner, koma aliyense ali ndi malaya akeake, kasitomala sangadziwe msanga kuti ndi anu. Ine ndimasoka ndi kupeta malaya a gofu kuno ku Limbe. Okhala ndi chizindikiro chanu ndi K25,000 amodzi, ndipo 12 ndingakupatseni m'masiku anayi. Mumalipira theka poyamba, lotsala polandira. Ndatumiza zithunzi ziwiri za amene ndidasokera ena. Ndibweretse amodzi mawa muwaone?"

Apa mtengo walowa mu uthenga woyamba, chifukwa mwini kampani yaing'ono akapanda kuuona amaganiza kuti ndi wodula ndipo safunsa n'komwe. M'malo mwa mapepala a MRA, umboni ndi zithunzi, ndipo zikhale ziwiri kapena zitatu zooneka bwino. Zithunzi 20 zimangomudyera bandulo. Funso lomaliza ndi loti angathe kuyankha ndi liwu limodzi.

Kumasuka kuli ndi malire ake. Mayiyu, ngakhale atakhala wamkulu kuposa mwini kampaniyo, akulembabe "inu" ndi "achimwene" kapena "achemwali". "Iwe" kapena "mwana wanga" zimamuchotsera mnyamatayo ulemu umene akuvutika kuupeza ngati mwini bizinesi. Mbali inayi, munthu wamkulu woyesa kulankhula chinenero cha achinyamata chimene sachizolowera, kuyamba ndi "bho bho" pofuna kuoneka wamakono, amamveka wachinyengo. Chofunika ndi ziganizo zazifupi ndi mawu a tsiku ndi tsiku. Ngati mwiniyo ayankha mosakaniza Chichewa ndi Chingerezi kapena ndi nthabwala, mayiyu angathe kumasukirako mu uthenga wachiwiri. Kutsika kuchoka pa ulemu n'kosavuta kusiyana ndi kukwera kubwerera pa ulemu utayamba ndi chibwana.

Pamene ambiri amagwera ndi pa nkhani ya malipiro, chifukwa kamvekedwe ka mawu kamakoka mfundo. Polemba mwaubwenzi, munthu amachita manyazi kutchula za theka loyamba, amati zidzakambidwa. Koma kampani yongoyamba ndiyo imene ndalama zake sizidziwika, ndipo malaya opetedwa chizindikiro chake sangagulitsidwe kwa wina. Malaya 12 pa K25,000 ndi K300,000. Theka lake, K150,000, likalowa pa Airtel Money kapena Mpamba nsalu isanadulidwe, mayiyu sataya zonse ngakhale kampaniyo itatseka mwezi womwewo. Kubanki chiopsezo chili kwina. Banki idzalipira, koma mwachizolowezi siyipereka ndalama patsogolo. Imapereka LPO, katundu afike, invoisi ilowe, kenako malipiro patapita masiku amene mwina angafike 30, ndipo pa ndalamazo pangathe kuchotsedwa msonkho umene wogula amadula n'kupereka ku MRA ngati shopuyo ilibe chiphaso choti isadulidwe. Malaya 200 pa K22,500 ndi K4,500,000, ndipo nsalu, ulusi ndi malipiro a antchito zonse zichoka m'thumba mwa mayiyu kaye. Ngati ndalama zimenezo alibe, ndi bwino m'kalatamo alembe chiwerengero chimene angakwanitsedi, kaya 80, kusiyana ndi kulonjeza 200 kuti amveke wamkulu. Wolephera LPO yoyamba kawirikawiri sapatsidwa yachiwiri.

Kusiyana kwa K25,000 ndi K22,500 kuchokere pa kuchuluka kwa malaya basi, osati pa maonekedwe a wogula. Blantyre ndi yaing'ono pa nkhani za malonda, ndipo mnyamata wa njinga zamoto angathe kukhala mphwake wa kalaliki wa kubanki komweko.

Pali njira yosavuta yoyesera uthenga usanatumizidwe. Wa kubanki uwerengedwe ngati kuti wafika kwa munthu amene sadamvepo za shopuyo ndipo sangathe kufunsa funso. Ngati pali chimene chikusowa kuti asankhe, kalatayo sidathe. Wa ku kampani ya achinyamata uwerengedwe mokweza; ngati sungalankhulidwe choncho pamaso ndi pamaso, wauma kwambiri. Mayankho nawonso amaphunzitsa. Banki ikayankha ndi mndandanda wa mapepala ofunika, kalatayo yafika pa tebulo loyenera. Mwini kampani akawerenga n'kukhala chete, kawirikawiri uthengawo udatalika kapena mtengo sudaoneke.

Kukumbutsa nakonso kumatsata khomo. Kubanki mayiyu apite ndi makope awiri a kalata, imodzi aidinditse polandirira alendo n'kubwerera nayo, ndipo pakatha sabata ziwiri aimbe pa nambala ya ofesi nthawi ya ntchito, n'kutchula tsiku limene kalatayo idalandiridwa. Kufunafuna nambala ya m'manja ya mkulu wogula katundu n'kumamulembera usiku kumaononga zimene kalata idamanga. Kwa mwini kampani ya njinga, masiku awiri kapena atatu ndi okwanira, ndipo chikumbutso chibwere ndi kanthu katsopano: "Achimwene, Lachisanu ndidutsa ku Ginnery Corner cha m'ma 10 koloko, nditenge malaya aja muwaone?" Akapanda kuyankhanso kachiwiri, nambala isungidwe mpaka tsiku limene anyamata ake adzaoneke achuluka pamsewu.