Za Kupeka Mafunso Oyesera Alangizi a Zaumoyo a ku Chiwamba

Kuyambira chaka cha 2008 Boma la Malawi lidalola alangizi a zaumoyo okhala m'midzi yotalikira chipatala kuti aziona ndi kupatsa mankhwala ana odwala, kuyambira a miyezi 2 kufikira osakwana zaka 5. Matenda amene adawapatsa m'manja ndiwo malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba. Koma pamwamba pa zonsezi adawalamula kuti akaona mwana ali ndi chizindikiro choopsa asamsunge pamudzi, amtumize msanga ku chipatala. Tsono mkulu woyang'anira alangizi pa chipatala ngati cha Chiwamba angadziwe bwanji kuti mlangizi wake adzachitadi chomwecho? Mwana wodwala kwambiri sabwera pa tsiku limene woyang'anira wafika kudzayendera, ndipo ngakhale atabwera, palibe munthu wanzeru amene angamchedwetse kuti ayesere mayeso pa iye. Nchifukwa chake oyang'anira amapeka nkhani ya mwana wodwala, naiwerengera mlangizi, namfunsa chimene akadachita.

Njira imeneyi ili ndi mbuna yake, ndipo mbunayo idaoneka poyera m'dziko lino lomwe. M'chaka cha 2009 akatswiri adayesa alangizi 131 m'maboma asanu ndi limodzi. Adawaonerera akugwira ana enieni, amene pambuyo pake sing'anga wodziwa adawapimanso, ndiponso adawafunsa mafunso a nkhani zopeka. Pa kutentha thupi ndi kutsekula m'mimba kosaopsa, njira ziwirizi zidapereka zotsatira zoyandikana. Koma pa chifuwa cha kupuma mofulumira ndi pa matenda aakulu, alangizi adakhoza bwino pa mafunso kupambana m'mene adachitira pa mwana weniweni. Chifukwa chake sichivuta kuchiona. Funso likanena kuti "mwana akulowa nthiti popuma", latha kale ntchito yonse yovuta. Mlangizi angotsala ndi kunena mau amene adaloweza pa maphunziro. Pamudzi palibe womuuza zimenezo, ayenera kuvula mwana malaya ndi kudzionera yekha. Akatekisti adziwa bwino kusiyana kwa mwana woyankha mafunso pamtima ndi mwana womvetsa chimene akunena.

Funso loipa ndi funso labwino

Nali funso monga ambiri amalilembera: "Mwana wa zaka 2 watentha thupi masiku atatu ndipo wakomoka. Kodi mudzachita chiyani?" Mlangizi aliyense adzayankha kuti amtumiza ku chipatala, ndipo woyang'anira adzabwerera wokondwa, osaphunzirapo kanthu.

Wopeka wanzeru amagawa nkhani yomweyo zigawo, natsekera chizindikiro choopsa m'kati, kotero kuti chisatuluke mlangizi asanachifunefune. Amayamba ndi mau okhawo amene mayi wa pamudzi anganene pofika, pakuti mayi satchula maina a m'buku. Woyang'anira akhala ngati mayiyo, nanena kuti: "Adokotala, mwanayu thupi latentha kuyambira dzana. Ndabwera kuti mumpatseko mankhwala a malungo." Pamenepo akhala chete. Pa pepala limene ali nalo m'manja, limene mlangizi saliona, palembedwa mayankho a zonse zimene mlangizi angafunse: mwana ali ndi miyezi 26, satsokomola, satsekula m'mimba, akumwa madzi pang'ono-pang'ono, adasanza kamodzi dzulo, ndipo usiku wapitawu adauma thupi, maso natembenuzika, manja ndi miyendo zikugwedezeka, koma tsopano wadzuka ndipo akuyang'ana anthu. Lamulo la woyang'anira ndi limodzi: sayankha chimene sanafunsidwe.

Mlangizi wotsata pepala lake lolembapo mwana wodwala adzafunsa za kukomoka ngakhale mwana akuoneka bwino, ndipo ngati ali wochenjera sadzakhutira ndi liu limodzi, adzafunsanso kuti: "Mayi, kodi chiyambire kudwala, mwanayu adaumako thupi kapena kutembenuza maso?" Kufunsa kotere kuli ndi phindu chifukwa mayi wina amayesa kukomoka ndi kugwa chikomokere kokha, ndipo wina amabisa poganiza kuti zimenezo nza kwa asing'anga a zitsamba, si za ku chipatala iai. Mlangizi waulesi adzathamangira kuboola chala, kupeza malungo, kupereka LA wa masiku atatu ndi kumbweza mwana kunyumba. Pa mwana weniweni kulakwa kumeneku kungathe kutengetsa moyo, pakuti kukomoka pamodzi ndi kutentha thupi kungakhale malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi, ndipo kuti mwana wadzuka m'mawa sikuchotsa chizindikiro cha usiku.

Kusanza kamodzi kuja kudaikidwa dala. Chizindikiro choopsa ndicho kusanza chilichonse, pamene ngakhale madzi sakhazikika m'mimba. Wopeka afuna kuona ngati mlangizi adzasiyanitsa ziwirizi, kapena kupempha mayi kuti ammwetse mwana pomwepo iye akuona.

Zimene yankho liyenera kukhala nazo

Funso lisathere pa mau akuti "ndimtumiza". Kutumiza ndi ntchito ya mbali zingapo, ndipo woyang'anira azilembe zonse pa pepala lake asanayambe kufunsa, kuti asaweruze motsata nkhope. Pa nkhani iyi mlangizi ayenera kunena kuti adzapereka mankhwala a atesuneti olowetsa ku njira ya chimbudzi, ngati ali nawo m'bokosi. Kwa mwana wa miyezi 26 ndi kamodzi ka mamiligalamu 100, pamene woyambira zaka 3 amalandira tiwiri. Ayenera kuuza mayi momveka kuti mankhwalawa sachiza, angogwiriziza mwana pa njira, ndipo kuti jakisoni ndi mankhwala otsiriza ali ku chipatala. Mau amenewa asasowe m'yankho, chifukwa mwana akayamba kupezako bwino pa njira, makolo ena amatembenuza njinga nabwerera kwao. Ayenera kulemba kalata yonena dzina, msinkhu, chizindikiro chimene wapeza, mankhwala amene wapereka ndi ora lake. Kulangiza mayi kuti azimmwetsa mwana pa ulendo popeza akutha kumwa. Kuthandiza kupeza njinga, yamoto kapena yakapalasa. Ndi kudzamuonanso mwana akabwerako.

Mfundo zonsezi sizilemera chimodzimodzi. Woiwala kulemba ora walakwa pang'ono, ndipo kumkumbutsa nkokwanira. Koma wosafunsa za kukomoka, kapena woumva koma osatumiza, walephera funso lonse, ngakhale adawerengera mankhwala mosaphonya. Woyang'anira amene amangophatikiza malikisi angathe kupambanitsa munthu amene wabweza mwana kukafera kunyumba.

Chigawo chotsiriza ndicho chimene chimapatsa nkhani fungo la pamudzi. Mlangizi akatha kunena zonse, "mayi" uja ayankha kuti: "Pepani adokotala, bambo ake apita ku msika, ndipo sindingachoke amalume ake a mwanayu asanamve. Tidzapita mawa." Pakati pa Achewa mau otere si achilendo, pakuti mwini mbumba ali ndi liu pa za matenda. Apa palibe yankho loloweza. Chofunika nchakuti mlangizi asavomere za mawa ndiponso asakalipire mayiyo, koma apeze njira: atume mnyamata kukadziwitsa amalume pamene mayi ali kale pa ulendo, aitane a komiti ya zaumoyo ya m'mudzi kapena anyakwawa, apeze wotsala ndi ana ena. Wopeka angathe kusintha chopingacho, tsiku lina chikhale mtsinje wodzaza m'dzinja, tsiku lina kusowa ndalama ya kabaza, malinga chikhale chinthu chimene chimachitikadi m'midzi yozungulira Chiwamba.

Za manambala, ndi za ana osayenera kutumizidwa

Pa mafunso a chifuwa wopeka apereke nambala, asapereke dzina la matenda. Malire ndi awa: mwana wa miyezi 2 kufikira wosakwana miyezi 12 akupuma mofulumira akafika pa 50 pa mphindi imodzi, ndipo woyambira miyezi 12 kufikira zaka 5 akafika pa 40. Tsono nambala yoyesera bwino ndi imene ili pakati, monga 44. Mwana wa miyezi 10 wopuma ka 44 alibe chibayo, ndipo kumpatsa amokisilini nkuononga mankhwala. Wa miyezi 14 wopuma ka 44 komweko ali nacho, ndipo alandire amokisilini pamudzi pomwepo. Nambala ngati 70 siyesa munthu, popeza idutsa malire onse awiri. Chomwechonso pa kulowa kwa nthiti: funso lifotokoze zimene maso aona, kuti m'munsi mwa chifuwa mukulowa m'kati pamene mwana akukoka mpweya, ndipo linenenso ngati mwana ali phee kapena akulira. Zikaoneka pokhapokha mwana akulira kapena akuyamwa, si chizindikiro choopsa. Zikaoneka nthawi zonse ali phee, alandire amokisilini woyamba ndipo apite.

Mwa ichi muli phunziro lina. Ngati mafunso onse a woyang'anira amathera ku chipatala, alangizi adzazindikira msanga, ndipo adzayamba kuyankha kuti "ndimtumiza" nkhani isanathe. Pakati pa mafunso payenera kukhala ana ena amene malo awo ndi pamudzi: wotsekula m'mimba masiku atatu popanda magazi, akumwa bwino, amene afunika Thanzi ndi zinki basi. Kutumiza mwana wotere si kusamala; banja litaya tsiku la kumunda ndi ndalama ya ulendo, ndipo tsiku limene mlangizi adzanene zoona kuti mwana ali pangozi, adzamuyesa wongokonda kutumiza. Nkhani yomweyo ingasanduke yoopsa posintha chinthu chimodzi chokha, masiku atatu akhale 14, kapena m'chimbudzi muoneke magazi, ndipo mafunso awiri otere akaikidwa motalikirana amaonetsa bwino amene akumvetsera.

Funso likalembedwa, lisapite kumudzi lisanayesedwe. Wopeka aliwerengere namwino kapena sing'anga wa pa chipatala. Ngati awiriwo asiyana pa yankho, cholakwa chili m'funso, ndipo lilembedwenso. Liwerengedwe m'Chichewa cha pamudzi, pakuti m'Chichewa ndimo m'mene mayi adzalankhulire. Ndipo popeza nkhani yopeka, ingakome chotani, singathe kuyesa maso ndi zala, pa tsiku limene alangizi asonkhana pa chipatala woyang'anira awatengere kumene ana odwala akudikira, aliyense awerenge kupuma kwa mwana mmodzi mphindi yathunthu, adinikize mapazi onse awiri kuona ngati atupa, ayese mkono ndi kalamba kaja kofiira pansi pa masentimita 11.5, kenaka nambala yake aifanizire ndi ya namwino.