Makalata a Omvera: Kugawa Mutu Wautali

Kalata yathu yachokera kwa mphunzitsi wa pulayimale ku Makawa, m'boma la Mangochi. Akuti mutu wa usodzi wa nsomba ndi wautali, ndipo teremu imatha asanaumalize.

Aphunzitsi a ku Makawa, zikomo kwambiri. Yambani ndi kalendala, buku libwere pambuyo. Tinene kuti teremu ili ndi masabata 13. Chotsanipo awiri obwereza ndi olemba mayeso, otsalawo mugawire mitu yonse. Usodzi ukapeza mapiriyodi asanu ndi limodzi, dzifunseni: pomaliza, mwana adziwe chiyani? Mwina ndi chifukwa chimene boma limatsekera nyanja kuti chambo chiswane.

Tsopano bwererani chambuyo. Mwana sangamvetse kutseka nyanja asanadziwe kuti chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana mkamwa. Choncho phunziro loyamba likhale la nsomba zimene amaziona kudoko: usipa, utaka, kampango. Lachiwiri ndi lachitatu, kaswanidwe ka chambo. Kenaka maukonde, makamaka chifukwa chake neti yoteteza ku udzudzu imakokolola ndi tiana tomwe. Lamulo libwere pachisanu, anawo atalipeza kale okha.

Piriyodi yomaliza isiyeni yopanda kanthu, chifukwa mvula, maliro ndi malungo zimadya masiku.

Aphunzitsi nonse amene mukumvera, Lachisanu lililonse lembani mu sikimu zomwe mwaphunzitsadi. Ana akalephera kuyankha funso la dzulo, musapite patsogolo, bwerezani kaye phunzirolo.